Diresi Lobiriwira la pa Chikwangwani

Yunike anawoloka msewu kachitatu m'mawa umodzi, ambulera kudzanja, ati akukagula mayunitsi a foni. Mayunitsi anali nawo. Chimene chinkamupondetsa matope amenewo chinali chikwangwani chatsopano chimene chinapachikidwa pakhomo pa shopu ya Jenala, mkazi wa mlongo wake Haswell.

Anayenda pang'onopang'ono, maso cham'mbali. Kumbuyo kwa chithunzicho kunali kofiira kwa psuu, ndi timagetsi tagolide tolendewera ngati pa ukwati. Pakati panaima mayi wakuda bwino, woluka tsitsi, akumwetulira, atavala diresi lobiriwira la kolala yoyera ndi lamba woyera. Mmunsi monse munali moyera, mopanda kanthu, ndipo pamalo oyerawo Jenala analemba ndi cholembera chachikulu chakuda kuti K180. Amayi awiri okwera njinga anali ataima pomwepo, phazi limodzi pansi, akuloza.

"Monile, alamu," anatero Jenala ali pakhomo, tsache m'manja. "Mayunitsi akuvuta lero?"

"Yewo. Foni ikudya maningi."

"Mwachiona chithunzi? A Whiteson ndi amene anandipangira pa kompyuta. Umangolemba mawu, makina n'kujambula. Mukafuna tikhale pansi masana ano, tilembe chanu."

"Ine nagulitsa zovala pa boma pano zaka twente popanda chojambula," anayankha Yunike, napitirira.

Jenala ameneyu anafika ku Lundazi kuchokera ku Kasungu ndi sutikesi imodzi yomanga ndi lamba. Kupinda malaya anaphunzira kwa Yunike. Kudziwa kasitomala wogula ndi wongogwiragwira anaphunzira kwa Yunike. Anakhala kuseri kwa kauntala ya Yunike zaka zinayi, kenako n'kukatsegula shopu yake, osati kumsika kapena ku siteshoni, koma tsidya lina la msewu womwewo, khomo kupenyana ndi khomo. Sanalakwirepo munthu. Moni ankapereka, maliro ankayenda, mango akapsa ankatumiza. N'zimene zinkamuwawa kwambiri Yunike, chifukwa munthu wotere ukamudandaula anthu amakuyang'ana iweyo.

Nkhawa yeniyeni inali ya Loweruka lomaliza Khirisimasi isanafike. Tsiku limenelo chaka chilichonse amayi a kwaya a ku Chikomeni, makumi awiri ndi anayi, ankabwera pa kanta imodzi, galimoto ya katundu, kudzagula madiresi ofanana oimbira pa Khirisimasi. Wowatsogolera anali Rosemary Mtonga, mayi wolima fodya, wosataya mawu. Zaka khumi ndi chimodzi kanta imeneyo inkaima pakhomo pa Yunike, ndipo boma lonse linkaona pamene yaima. Amalonda ankadziwa kuti kumene atsikira amayi a ku Chikomeni n'kumene midzi ina itsatire. Madiresi a chaka chino Yunike anali atawagula kale ku Lusaka, makumi atatu, abuluu a timaluwa ting'onoting'ono, nsalu yolimba. Anali m'saka kuchipinda. Mpaka m'mawa umenewo iye ankawaona okongola.

Pofika masana anali atakhala pa benchi mu kashopu ka Whiteson, pafupi ndi msika, mmene anthu amajambulitsa timakadi ndi kusindikiza mapulogalamu a maliro. Whiteson anali bambo wa ana asanu, dazi litayamba, koma Yunike anamuphunzitsa Sande Sukulu ndipo sanaiwale zimenezo.

"Nifuna chithunzi ngati cha uja, koma chomuposa," anatero Yunike.

"Palibe vuto, amama. Choyamba tilembe pulomputi."

"Chinthu chanji chimenecho?"

"Ni mawu ouza makina chojambula. Makina sadziwa shopu yanu, sanafikepo ku Lundazi. Mukangoti jambula selo ya Khilisimasi, akupatsani azungu ovala makhoti pa chipale chofewa. Ndiye mufunika kunena zonse: munthu wotani, wavala chiyani, mitundu yanji, chithunzi chachitali kapena chogona, malo a mtengo akhale pati. Niuzeni katundu amene muli naye."

Magetsi anathima nthawi yomweyo, ndipo Whiteson anatuluka kukalimbana ndi kajenereta kake kuseri. Yunike anatsala yekha. Patebulo panali msomali wobayapo mapepala a ntchito zakale, ndipo pepala lachitatu kuchokera pamwamba linali ndi zilembo zopendekeka zimene iye ankazidziwa bwino, poti anaziona zaka zinayi pa timapepala ta mitengo. Analisolola n'kuwerenga.

Jenala analemba kuti: chithunzi chachitali cha kutsika mtengo kwa zovala pa Khirisimasi. Mayi wa kuno kwathu, wa zaka ngati makumi atatu, woluka tsitsi, akumwetulira. Wavala diresi lobiriwira ngati masamba a chimanga, lofika pansi pa mawondo, manja ofika m'zigongono, kolala yoyera yozungulira, mabatani anayi oyera, lamba woyera. Kumbuyo kofiira, timagetsi tagolide. Pasakhale chipale chofewa kapena makhoti. Mmunsi, gawo limodzi mwa magawo atatu, musiye moyera mopanda chilichonse, ndi malo a mtengo. Pasalembedwe mawu kapena manambala.

Yunike anawerenga kawiri. Kamtsikana kamene anakaphunzitsa kugwira sizasi kanali katadziwa kulamula makina chonchi.

Jenereta inalira. Whiteson atalowa akupukuta manja, anapeza pepalalo litayalidwa pa kiyibodi.

"Lembani izi."

Whiteson analiyang'ana, n'kuyang'ana msomali. "Amama, aya ni mawu a alamu anu."

"Anawagula kuti? Mawu ali na mwini?"

"Sinikutsutsa. Koma iwo analemba dilesi lamene ali nalo. Anabwela nalo pano, tinaliyala pa benchi pamene mwakhalapo, n'kumalemba tikuliona. Inu muli nalo lobiliwila?"

"Whiteson, makalenda amene amatipatsa ku mahoselo kumene tioda katundu uwadziwa? Muli atsikana ovala zamitundumitundu. Unaonapo munthu wabwela kufunsa dilesi la pa kalenda? Chithunzi n'chokopela maso chabe. Munthu akalowa mu shopu, zotsalazo nizidziwa ine."

Whiteson anakanda dazi. Kukangana ndi munthu amene anakumenyapo ndi buku la nyimbo n'kovuta. Anakhala pansi n'kuyamba kutembenuzira mawuwo m'Chingerezi, poti pulogalamu yake inkamva bwino Chingerezi. Atadina, anadikira pang'ono, ndipo panatuluka zithunzi zinayi. Nkhope sizinali za mayi wa pa chikwangwani cha Jenala, timagetsi tinalendewera mwina, koma diresi linali lomwelo pa zinayi zonse, kolala, mabatani ndi lamba. Whiteson anataya chimodzi chimene dzanja la mayiyo linapindika molakwika, n'kukulitsa china.

"Nanga dzenje ilo pansipo?" anafunsa Yunike.

"Ndiye malo a mtengo. Tikamaliza apa nitsegula pulogalamu ina, nilembepo dzina la shopu na mtengo bwinobwino. Kapena tisiye poyela, timate pulasitiki, muzilemba na maka ngati alamu anu. Mtengo ukasintha mufufuta na sipiliti."

"Iye anasiya poyela chifukwa alibe katundu woika. Ine nilipile pepala lonse, gawo lina likhale la mphepo? Dzazani. Muike nsapato, zikwama, malaya a ana, masuti. Muwonjeze nyenyezi. Golide achuluke kuposa wa uja."

"Nanga mtengo?"

"Auzeni makinawo alembe okha. Si ndiye ntchito yawo?"

Whiteson anachotsa mizere iwiri yomaliza ya Jenala, n'kulemba zimene anauzidwa. Zithunzi zatsopano zinabwera zodzaza ngati tebulo la salaula, zovala za kaunjika. Pa chimodzi mtengo unalembedwa bwino koma ndi chizindikiro cha madola. Pa china panatuluka K18 ndi chilembo china chosadziwika mtundu wake. Pa chachitatu manambala anali olondola, koma anakwera pa nsapato n'kubisika theka.

"Nthawi zina amakhoza, nthawi zina ni izi," anatero Whiteson. "Chifukwa chake timalemba tokha."

Anatenga chithunzi chachinayi, chodzaza koma chopanda manambala, n'kuyesa kulemba mtengo pamwamba pake. Zilembo zoyera zinasowa m'nyenyezi, zakuda zinasowa m'masuti. Anaika kabokosi koyera pakona, Yunike n'kunena kuti kakubisa chikwama chokongola. Anakachepetsa mpaka kanafanana ndi sitampa.

"Chotsani," anatero Yunike, ataimirira kale. "Wofuna mtengo alowe afunse. Pakamwa nili napo. Dzina la shopu mulembe pamwamba, lalikulu. Munisindikizile ziwili, chimodzi chiposeko cha uja m'litali na m'lifupi."

Chachikulucho chinapachikidwa Lachitatu. Kunena zoona chinkawala. Ana a sukulu ankaima kuwerenga nyenyezi, ndipo mayi wogulitsa nthochi pakona ananena kuti chikuoneka cha ku Lusaka. Jenala anatuluka, anachiyang'ana nthawi yaitali manja ali m'chiuno, kenako anawoloka.

"Chakongola, alamu. Koma diresilo..."

"Latani?"

"Mwaodanso obiriwira?"

"Za mu shopu mwanga uzisiye mu shopu mwanga."

Jenala anatembenuka. Anabwerera kwake akulumpha zithaphwi. Yunike anamva kukoma mumtima tsiku lonse, ndipo anagulitsa masiketi awiri kwa anthu amene chikwangwanicho chinawaimitsa, zimene zinamutsimikizira kuti Whiteson ndi wamantha chabe.

Chachiwiri chinali cha ku Chikomeni. Mwambo wake unali wakuti milungu iwiri Loweruka lija lisanafike, Yunike ankapatsira Bornwell, woyendetsa kanta, diresi limodzi lachitsanzo m'pulasitiki. Rosemary ankalionetsa kwa amayi akaweruka ku tchalitchi, iwo n'kuligwira, kulikoka m'misoko, n'kugwirizana. Lachisanu Bornwell ataima pakhomo, Yunike anali atatulutsa kale limodzi la abuluu aja. Analiyala pa kauntala pambali pa chikwangwani chopinda. Anayang'ana ili, n'kuyang'ana icho. Pafupi ndi kufiira ndi golide uja, buluuyo ankaoneka ngati yunifolomu ya anamwino. Anaganizanso kuti wina wa ku Chikomeni angakhale ataona kale chithunzi cha Jenala pa foni, n'kumakauza anzake kuti shopu ya Yunike yakalamba pamodzi ndi mwini wake. Analibweza diresilo m'saka.

"Chaka chino palibe pulasitiki?" anafunsa Bornwell.

"Chaka chino tili pa kompyuta. Upeleke ichi kwa amai Mtonga, usachinyowetse."

Mumtima ankati afike kaye. Akalowa, n'kugwira nsalu, adzagula zimene zilipo ngati zaka zonse.

Loweruka lija kunacha kopanda mvula. Yunike anasesa pakhomo kawiri, anapachika abuluu onse pa waya motsatira masaizi, n'kuwiritsa tiyi wa Rosemary. Cha m'ma 10 koloko kanta inatulukira, matope mpaka m'magalasi, amayi ali m'mbuyo akuimba. Inachedwetsa liwiro pakati pa mashopu awiriwo. Kenako inakhotera kwa Yunike n'kuima pamalo ake a nthawi zonse. Yunike anaponya diso tsidya lina kuti aone ngati Jenala waona. Anali ataona.

"Monile mose, monile. Lowani, njila inali bwanji?" anatero Yunike.

"Njila ni matope, anyaZimba," anatero Rosemary, akumutchula Yunike ndi dzina la kwawo monga ankachitira nthawi zonse. Anatsika chammbuyo atagwira chikwangwani chopinda ngati ndodo. "Koma chaka chino mwatigwila mtima. Zaka zonse timakangana mpaka dzuwa kupendeka, uyu afuna ichi, uyu afuna icho. Ichi titangochitambasula, onse anati ndilo. Ngakhale amake Lukundo, amene amakana na mpunga wa pa ukwati omwe."

"Bodza ilo," anatero mayi wina kumbuyo, anzake n'kuseka.

Amayi anadzaza shopu, fungo la fumbi lonyowa ndi mafuta odzola. Maso awo anayenda pa waya, kudutsa abuluu aja osaima, kufunafuna m'mashelefu.

"Mwawabisa kuchipinda?" anafunsa Rosemary.

"Khalani pansi poyamba, mumwe tiyi. Nakusungilani chinthu chabwino maningi. Gwilani nsalu iyi." Yunike anatsitsa limodzi n'kuliika m'manja mwa Rosemary. "Iyi muchapa zaka zitatu osasuluka."

Rosemary anaigwira, anakoka msoko, anagwedeza mutu movomereza. "Nsalu ni yabwino. Manje tionetseni obiliwila."

"Chija n'chithunzi chabe, amai Mtonga. Chokongoletsa."

Rosemary anatambasula chikwangwanicho pa kauntala, n'kutsamiritsa ngodya zake ndi kapu ya tiyi ndi sizasi.

"Dzina ili pamwambapa ni la ndani?"

"Langa."

"Zaka zonse mumatitumizila chimene tizagula. Chaka chino mwatitumizila ichi. Ife tinaziwa bwanji kuti n'chokongoletsa? Tinachipachika m'chalichi masabata awili. Azibambo a kwaya tawauza agule matayi obiliwila, ena anachita kutuma ku Chipata. Ana a Sande Sukulu tawasokela maliboni obiliwila. Mtengo sitinauone, tinafunafuna mpaka kumbuyo kwa pepala, koma tinati anyaZimba ni athu, sangatipweteke."

"Buluu na gilini zimayendelana," anatero Yunike, mawu atachepa.

"Kwa ndani?" anafunsa amake Lukundo.

Yunike anayamba kufotokoza za makalenda a ku mahoselo, koma ngakhale m'makutu mwake zinkamveka zopanda mchere. Ali pakati, mtsikana wina wa kwaya amene anatsalira pakhomo chifukwa cha kuchepa kwa malo anaitana.

"Amai chairlady, bwelani muone. Si ili apa?"

Rosemary anatuluka, amayi n'kumutsatira. Tsidya lina la msewu, pa chikwangwani chaching'ono kuposa cha Yunike, panaima mayi wovala diresi lobiriwira la kolala yoyera. Pansi pake, pamalo oyera aja, manambala akuda ankawerengeka bwinobwino kuchokera pamene anaima, ngakhale kwa Rosemary amene magalasi anawaiwala kumudzi. Pambali pa chitseko, pa hang'ala, diresi lenilenilo linkagwedezeka ndi mphepo.

"Wani eite," anawerenga wina. "Si zoipa."

Palibe amene anathamanga. Anaima kaye, akuyang'ana Rosemary, poti zaka khumi ndi chimodzi si masewera. Rosemary anatembenukira kwa Yunike.

"Ni shopu ya alamu anu ija?"

"Ni yawo."

"Ndiye chithunzi chanu chinajambula katundu wa alamu anu."

Yunike akanatha kunena kuti Whiteson ndiye anasokoneza, ndipo mawuwo anafika pa lilime, koma Whiteson amapemphera tchalitchi chimodzi ndi mchemwali wa Rosemary, ndipo nkhani ikanabwerera isanathe sabata.

"Tiyeni," anatero Rosemary kwa amayi ake.

Anawoloka mmodzimmodzi, atakweza zitenje pa matope. Bornwell analiza injini, anabwerera m'mbuyo, n'kukaimika kanta pakhomo pa Jenala kuti amayi asadzavutike ndi katundu. Sanachite mwachipongwe, koma wogulitsa nthochi anaona, a telala a pakona anaona, ndi anyamata a njinga za moto onse anaona. Yunike analowa mkati. Anakhala kuseri kwa kauntala pamene ankatha kuona tsidya lina popanda kuonedwa, ndipo anaona zonse: Jenala akugwada popereka moni kwa Rosemary, Jenala akutulutsa mipando, Jenala akuyeza amayi m'mapewa ndi tepi mmene Yunike anamuphunzitsira, chala chimodzi m'kati kuti diresi lisathine. Kuseka kunkamveka mpaka kuno. Tiyi uja anazizira pa ngodya ya chikwangwani.

Chimene chinkamudya kwambiri sichinali madiresi makumi atatu a pa waya. Amenewo akanapita pang'onopang'ono, Januwale kapena Febuluwale. Chinali chakuti Jenala sanatumize kanthu ku Chikomeni. Amayi amenewo anawakopa ndi Yunike mwini, ndi pepala lolipira yekha, n'kuwabweretsa pa kanta mpaka pakhomo pa mlamu wake.

Patapita maola awiri anamva mapazi pakhonde. Anali Rosemary, thumba lalikulu m'manja, amayi ena ali pambuyo.

"Tapeza onse twente-folo, masaizi onse," anatero, n'kukhala pa mpando osadikira kuuzidwa. "Manje tifuna maduku oyela na nsapato zoyela za fulati. Alamu anu akuti iwo alibe, koma inu muli nazo zabwino kuposa za kumsika."

"Anatelo?"

"Anatelo. Akuti musatidulitse."

Maduku oyera Jenala anali nawo, Yunike anawaona ndi maso ake Lachiwiri akutsitsidwa pa basi. Ndiye kuti tsopano wafika polandira zotsala kuchokera kwa mtsikana wa sutikesi yomanga ndi lamba, ndipo ayeneranso kuthokoza. Anafuna kunena kuti maduku anatha. Koma amayi anali atayamba kale kuvula nsapato zamatope pakhomo, ndipo iye anali wamalonda asanakhale mlamu wa munthu. Anakwera pa sitepe n'kutsitsa makatoni.

Anawayeza onse, mmodzimmodzi, osalankhula zambiri. Amake Lukundo anayesa mapeya anayi n'kubwerera ku yoyamba. Atatha, amayi anatuluka kukakwera kanta, imene inali idakali tsidya lina. Rosemary anatsalira. Anapinda chikwangwani chija bwinobwino n'kuchiika m'manja mwa Yunike, kenako anapita pa waya n'kugwiranso limodzi la abuluu, kulitembenuza kunja ndi mkati.

"Ili likanabwela m'pulasitiki ngati kale, tikanakangana pang'ono n'kulitenga," anatero. "Ni labwino kuposa lamene tagula. Lija nsalu yake ni yopepuka."

"Ninaziwa," anatero Yunike. Aka kanali koyamba tsiku limenelo kumva kanthu kotsekemera, ndipo anakagwiritsa. "Nsalu za uja zonse ni zopepuka."

"Zisiyeni za uja, anyaZimba. Tsiku lonse maso anu ali kutsidya, mwaona ngati sitinaone? Pa Isitala tifuna zina, ndipo sininalonjeze munthu. Ngati mufuna kutumiza chithunzi, tumizani, ife tinachikonda. Koma mupite kwa wa kompyuta uja na dilesi lanu m'manja, muuze makina zimene zili pa waya panu, osati za pa waya pa mnzanu. Pansi musiye poyela, mulembe mtengo waukulu woti nkhalamba ngati ine niwelenge popanda magalasi. Chitsanzo chenicheni chibwelenso na Bornwell, tichigwile na manja."

Kunja kanta inaliza hutala. Rosemary ananyamula thumba lake n'kuima pakhomo.

"Ulendo uno takhululuka chifukwa ni inu. Winawo mukonze bwino, kanta izaime kuno."